Kusunga Chiopsezo pa Mlingo Umodzi: Mmene Matumba a Ndalama Amachepetsera ndi Kuonjezera Masheya

Pa misika ikuluikulu ya masheya, monga ya ku New York ndi London, pali matumba a ndalama amene sakhala ndi masheya ochuluka mofanana chaka chonse. Msika ukakhala bata amagula ambiri, ukayamba kugwedezeka amagulitsa ena n'kusunga ndalamazo pamalo podekha. Chimene amafuna kuti chisasinthe si kuchuluka kwa masheya ayi, koma kukula kwa chiopsezo. Eni thumba amayamba agwirizana kuti chuma chawo chizigwedezeka ndi mlingo wakutiwakuti, tinene 10 peresenti pa chaka, ndipo woyendetsa thumba amasintha katundu wake tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata kuti mlingowo usaphonyeke. Njirayi imapezeka kwambiri m'makampani a inshuwalansi a ku America ndi ku Ulaya, m'matumba ena a penshoni, ndiponso m'matumba amene amachita malonda motsatira malamulo olembedwa m'kompyuta.

Ganizo lake n'lodziwika kwa aliyense amene anaonapo bwato likupakiridwa pa doko. Nyanja ikakhala yosalala, mwini bwato amalola matumba ambiri. Mwera ukayamba, amatsitsako ena. Bwato ndi lomwelo, ulendo ndi womwewo, koma katundu amatsatira mafunde a tsikulo.

Kugwedezeka n'chiyani, nanga kumayezedwa bwanji?

Kugwedezeka kwa mitengo, kumene akatswiri amati volatiliti, ndi kukula kwa kukwera ndi kutsika kwa mtengo, posayang'ana kuti mtengowo ukulowera kuti. Sheya imene yakwera ndi 1 peresenti Lolemba, n'kutsika ndi 1 peresenti Lachiwiri, n'kuchitanso chimodzimodzi Lachitatu ndi Lachinayi, yabwerera pafupifupi pamene inali. Koma siinakhale chete. Kuti kukwera ndi kutsika kusafafanizane, woyeza amachulukitsa kusintha kwa tsiku lililonse ndi nambala yomweyo, popeza nambala yotsika ikachulukitsidwa ndi inzake yotsika imasanduka yokwera. Kenako amapeza avereji ya zotsatirazo n'kutenga sikweya ruti yake. Pa sheya ija yankho ndi 1 peresenti pa tsiku.

Pa msika anthu amatchula nambalayi pa chaka, osati pa tsiku. Misika ya ku America imatsegula masiku pafupifupi 252 pa chaka, koma kugwedezeka kwa chaka sikuposa kwa tsiku maulendo 252, chifukwa masiku okwera ndi otsika amadyana. Kumakula motsatira sikweya ruti ya 252, imene ili pafupi ndi 16. N'chifukwa chake amalonda amangowerengera pamtima: msika umene ukusuntha ndi 1 peresenti pa tsiku uli ndi kugwedezeka kwa 16 peresenti pa chaka, wosuntha ndi theka la peresenti uli pa 8, ndipo wosuntha ndi 5 peresenti uli pa 80.

Thumba likati likufuna 10 peresenti, silikulonjeza phindu la 10 peresenti, ndipo silikulonjeza kuti silidzaluza zoposa pamenepo. Likunena kuti pa zaka zitatu zilizonse, pafupifupi ziwiri zidzatha zotsatira zake zili mkati mwa mapointi 10 pamwamba kapena pansi pa phindu lake la nthawi zonse. Chaka chachitatucho chikhoza kupitirira malirewo, kumtunda kapena kumunsi.

Chifukwa chake njirayi ili yotheka

Palibe amene amadziwa bwino ngati msika ukwera kapena kutsika mawa. Koma kuti usuntha kwambiri kapena pang'ono, chimenecho chimalosereka ndithu. Masiku a chipwirikiti amabwera mogundizana, a bata nawonso amatsatana. Katswiri wa masamu Benoit Mandelbrot analemba za khalidweli mu 1963 atasanthula mitengo ya thonje ya zaka zambiri. Mu 1982 Robert Engle anakonza masamu oyezera kugwedezeka kumene kumasintha ndi nthawi, otchedwa ARCH, ndipo ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2003. Wophunzira wake Tim Bollerslev anawakulitsa mu 1986 kukhala GARCH, amene mabanki akugwiritsabe ntchito. Mfundo yonse yagona poti mwera ukawomba lero, mafunde salekera lero lomwelo.

Pa masheya pali khalidwe lachiwiri limene Fischer Black analifotokoza mu 1976: kugwedezeka kumakonda kukula pamene mitengo ikutsika, n'kuchepa pamene ikukwera. Motero thumba limene limachepetsa masheya kugwedezeka kukakula, nthawi zambiri limakhala likuchepetsa m'kati mwa nyengo yoipa. Nyengo yoipayo ikakhala yaitali, monga mmene zinalili mu 2008 pamene msika unkagwa mwezi ndi mwezi, thumbalo limakumana ndi kugwa kwakukulu lili kale ndi katundu wochepa.

Lamulo la kagawidwe

Masamu ake ndi achidule. Gawo la chuma limene liyenera kukhala m'masheya limapezeka pogawa mlingo wofunidwa ndi kugwedezeka kumene kwayezedwa pa msika:

```
w = σ_target / σ_market
```

Titenge thumba la $1,000,000 limene lasankha 10 peresenti ndipo limagula masheya a mndandanda wa S&P 500, womwe ndi wa makampani akuluakulu 500 a ku America. Msika ukakhala pa 20 peresenti, 10 kugawa ndi 20 ndi theka, choncho $500,000 ikhala m'masheya ndipo yotsalayo ibwerekedwa ku boma kwa miyezi yochepa, kumene imapeza chiwongoladzanja chochepa koma mtengo wake sugwedezeka. Msika ukafika pa 40, masheya atsika kufika pa $250,000. Msika ukadekha kufika pa 8, yankho ndi 1.25, kutanthauza masheya a $1,250,000 pa thumba la $1,000,000.

Ndalama yapamwambayo ndi ya ngongole. Matumba ambiri sapita kukakongola ku banki, koma amagwiritsa ntchito mapangano ogula masheya mtsogolo, otchedwa mafyucha, amene amafuna chikole chochepa poyerekeza ndi mtengo wa katundu yense. Popeza lamuloli likhoza kulamula ngongole yoopsa msika ukakhala zii, pafupifupi thumba lililonse limaika denga. Mindandanda ya Risk Control imene kampani ya S&P Dow Jones Indices imafalitsa, mwachitsanzo, ili ndi milingo monga 5, 10 ndi 15 peresenti, ndipo yambiri siilola masheya kuposa 150 peresenti ya chuma cha thumba. Matumba ena salola ngongole n'komwe ndipo amalekezera pa 100.

Chovuta chili pa nambala yapansiyo. Kugwedezeka kwa mawa sikuoneka, kumangoyerekezedwa kuchokera ku masiku apitawa. Njira yosavuta ndi kutenga masiku 20 kapena 60 omalizira. Njira yotchuka kwambiri ndi imene banki ya J.P. Morgan inafalitsa mu 1994 pansi pa dzina la RiskMetrics, imene imalemekeza masiku aposachedwa kuposa akale:

```
σ²(t) = 0.94 × σ²(t−1) + 0.06 × r²(t)
```

Apa σ² ndi kugwedezeka kwa tsiku kochulukitsidwa ndi iko komwe, ndipo r ndi kusintha kwa mtengo kwa tsiku limene langotha. M'mawu wamba, muyeso watsopano umatenga magawo 94 pa 100 kuchokera ku muyeso wa dzulo, ndi magawo 6 kuchokera ku zimene zachitika lero.

Tsiku limodzi loipa

Mmene lamuloli limagwirira ntchito zimaoneka bwino pa tsiku limene bata latha mwadzidzidzi. Thumba lija lakhala miyezi ingapo msika ukusuntha ndi theka la peresenti pa tsiku. Muyeso uli pa 8 peresenti pa chaka, ndipo thumba lili ndi masheya a $1,250,000. Tsiku lina msika ukugwa ndi 4 peresenti.

Choyamba ndi kuluza. Magawo 4 pa 100 a $1,250,000 ndi $50,000. Msika wagwa ndi 4 peresenti, koma thumba lagwa ndi 5, chifukwa linali ndi ngongole. Chuma chake tsopano ndi $950,000, ndipo masheya ake atsala a $1,200,000.

Madzulo a tsikulo muyeso ukuwerengedwanso. Wadzulo unali 0.5 kuchulukitsa ndi 0.5, yomwe ndi 0.25, ndipo magawo 94 pa 100 a nambalayi ndi 0.235. Walero ndi 4 kuchulukitsa ndi 4, yomwe ndi 16, ndipo magawo 6 pa 100 ake ndi 0.96. Zonse pamodzi ndi 1.195, sikweya ruti yake ndi pafupifupi 1.09 peresenti pa tsiku, ndiye kuti 17.5 peresenti pa chaka. Tsiku limodzi lokha lachotsa muyeso pa 8 n'kuufikitsa pa 17.5.

Lamulo tsopano likuti 10 kugawa ndi 17.5, yomwe ndi 57 peresenti. Pa chuma cha $950,000, masheya oyenera ndi a pafupifupi $543,000. Thumba liyenera kugulitsa masheya a $657,000 kapena chapompo, kuposa theka la amene lili nawo, ndipo likugulitsa mitengo itagwa kale.

Zotsatira zake zimadalira masiku akubwerawo. Msika ukagwanso ndi 10 peresenti, thumba liluza zosakwana 6 peresenti m'malo mwa zoposa 12 zimene likanaluza likanasunga masheya onse aja. Koma msika ukabwerera mwakale sabata yomweyo, thumba lipezako gawo lochepa chabe la kukwerako, ndipo $50,000 ija siibwerera yonse.

Kubwereranso m'masheya kumatenga nthawi. Ndi nambala ya 0.94, mphamvu ya tsiku loipa imachepa ndi theka pa masiku 11 alionse a malonda. Msika ukayambiranso kusuntha ndi theka la peresenti, pakatha masiku 11 muyeso umakhala pa 13.7 ndipo masheya amafika 73 peresenti. Pakatha masiku 22 amafika pafupifupi 90. Kuti adutsenso 100 pamafunika masiku oposa 30 a malonda, ndiye kuti mwezi ndi theka. Thumba limatuluka mothamanga koma limalowanso mokwawa.

Zimene zinachitika mu 2018 ndi 2020

Chitsanzochi sichili kutali ndi zoona. Chaka cha 2017 chinali chimodzi mwa zaka zabata kwambiri pa msika wa ku America. Kugwedezeka kwa S&P 500 kunali pansi pa 7 peresenti, ndipo VIX, muyeso wa ku Chicago wosonyeza kugwedezeka kumene amalonda akuyembekezera m'masiku 30 akubwera, inatsekera pa 9.14 pa 3 Novembala, kutsika kuposa kale lonse. Thumba lotsatira lamuloli linalowa 2018 litadzaza. Pa 5 Febuluwale 2018 S&P 500 inagwa ndi 4.1 peresenti ndipo VIX inalumpha kuchoka pa 17 kufika pa 37 tsiku limodzi. Kugwako kunapeza matumba otere ali ndi masheya ochuluka kuposa nthawi zonse, ndipo anachepetsa madzi atatayika kale.

Mu 2020 njirayi inaonetsa nkhope zake zonse ziwiri. S&P 500 inali pamwamba penipeni pa 19 Febuluwale, n'kugwa ndi pafupifupi 34 peresenti pofika pa 23 Malichi chifukwa cha mantha a mliri wa korona. Kugwako kunayamba ndi masiku otsika ndi 3 ndi 4 peresenti kumapeto kwa Febuluwale, ndipo amenewa anakweza muyeso msanga. Pofika pa 16 Malichi, pamene msika unagwa ndi 12 peresenti tsiku limodzi ndipo VIX inatsekera pa 82.69, thumba lofuna 10 peresenti linali litatsala ndi kachigawo kochepa ka masheya. Apa lamuloli linateteza eni ndalama.

Koma pa 24 Malichi msika unakwera ndi 9.4 peresenti. Ngati muyeso unali cha m'ma 80, thumba linali ndi masheya a 12.5 peresenti yokha, ndipo linapindula ndi peresenti imodzi ndi kadontho. Lamuloli silisiyanitsa tsiku lokwera ndi lotsika: kukwera kwa 9.4 peresenti nakonso ndi kugwedezeka, ndipo kumachititsa muyeso kukhalabe pamwamba. Pofika pa 18 Ogasiti S&P 500 inali itadutsa pamene inali mu Febuluwale. Amene anangogwira masheya ake osagulitsa anavutika mtima kwambiri mu Malichi, koma anabwezeredwa zonse. Thumba lochepetsa chiopsezo linagwa pang'ono, n'kuphonya mbali yaikulu ya kukwera koyambako.

Kodi njirayi imaonjezera phindu?

Akatswiri sagwirizana. Alan Moreira ndi Tyler Muir anafalitsa kafukufuku mu 2017 wosonyeza kuti kuchepetsa masheya pamene kugwedezeka kwakula kunkapereka phindu labwinopo poyerekeza ndi chiopsezo. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti kugwedezeka kukawirikiza, phindu loyembekezeka siliwirikiza nawo, choncho nyengo ya chipwirikiti imalipira pang'ono pa chiopsezo chachikulu. Mu 2018 Campbell Harvey ndi anzake a ku kampani ya Man Group anapeza kuti ubwino umenewu umaoneka pa masheya ndi pa ngongole za makampani, koma ndi wochepa kwambiri pa ngongole za boma, pa ndalama za mayiko ndi pa katundu monga mafuta ndi mbewu. Chimene anachiona paliponse ndi kuchepa kwa masiku oluza modetsa nkhawa. Mu 2020 Scott Cederburg ndi anzake anayesa ganizoli pa njira 103 zogulira masheya, napeza kuti munthu wogwiritsa ntchito zokhazo zimene akanadziwa pa nthawiyo sakanapambana kawirikawiri.

Chimene chili chodalirika ndi chimene dzina la njirayi limanena: chiopsezo chimakhala chofananako chaka ndi chaka. Kwa kampani ya inshuwalansi imene yalonjeza makasitomala ake kuti ndalama zawo sizidzatsika kupitirira malire ena, chimenechi n'chokwanira, chifukwa mtengo wotetezera lonjezolo umadalira kugwedezeka kwa thumba. Kwa munthu amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, kupewa kugwa kwakukulu kuli ndi phindu lakelake: chuma chimene chatsika ndi theka chimayenera kuwirikiza kawiri kuti chibwerere pamene chinali.

Pamene muyeso umanama

Vuto lalikulu ndi kugwa kobwera popanda chenjezo. Kuyambira Seputembala 2011 banki yaikulu ya dziko la Switzerland inkaletsa yuro kutsika pansi pa mafranki 1.20, ndipo chakumapeto kwa nthawiyo mtengowo unkangokhala chete pafupi ndi malirewo. Muyeso unkasonyeza kugwedezeka kochepa zedi, ndipo lamulo lopanda denga likanalamula ngongole yaikulu. Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inachotsa malirewo, ndipo franki inalumpha ndi pafupifupi 30 peresenti m'mphindi zochepa isanabwerereko pang'ono. Bata limene likuchokera ku dzanja la boma si kusowa kwa chiopsezo. Kwacha inasonyeza khalidwe lomweli mu Novembala 2023, pamene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi itakhala nthawi ikusuntha pang'onopang'ono.

Muyeso umanamanso pa katundu wosagulidwa kawirikawiri. Pa msika waung'ono ngati wa masheya wa ku Blantyre, sheya ikhoza kutha masiku mtengo wake osasintha chifukwa palibe malonda okwanira amene achitika. Masamu amawerenga masiku amenewo ngati bata. Ndipo tsiku logulitsa theka la katundu likafika, wogula sapezeka pa mtengo wolembedwawo. N'chifukwa chake njirayi imakhala pa misika yozama, kumene mafyucha a mamiliyoni a madola amagulitsika m'kanthawi kochepa.

Vuto lina limabwera chifukwa cha kuchuluka kwa otsatira lamulo limodzi. Msika ukagwa, onse amalamulidwa kugulitsa pa masiku omwewo, kugulitsako kumatsitsanso mitengo, ndipo muyeso umakweranso. Kukula kwa mphamvu imeneyi kumatsutsidwabe, koma anthu a pa msika amakumbukira 19 Okutobala 1987, pamene S&P 500 inagwa ndi zoposa 20 peresenti tsiku limodzi ndipo njira ina yogulitsa motsatira lamulo, yotchedwa inshuwalansi ya thumba, inatchulidwa kuti inakolezera motowo.

Palinso ndalama zolipira. Kugula ndi kugulitsa kulikonse kumadya kenakake, ndipo ngongole ili ndi chiwongoladzanja. Muyeso wa masiku ochepa umamva ngozi msanga koma umachititsa thumba kugula ndi kugulitsa kosalekeza, pamene wa masiku ambiri umasunga ndalama koma umachedwa. Matumba ambiri amawerengera miyeso iwiri, waufupi ndi wautali, n'kutsatira umene uli wokwera, kuti azichepetsa msanga ndi kuonjezera mosamala. Ambiri amaikanso mpata wololera, kuti ngati lamulo likuti 62 peresenti pamene thumba lili pa 60, asagule chilichonse.

Mmene thumba lotere limaunikidwira

Funso loyamba ndi lakuti mlingo ukukwaniritsidwa kapena ayi. Woona za thumba amayeza kugwedezeka kwa thumba lenilenilo miyezi itatu iliyonse n'kuyerekeza ndi lonjezo. Thumba la 10 peresenti limene likupezeka pakati pa 8 ndi 12 likuchita ntchito yake. Limene limakhala pa 6 nthawi zambiri ndiye kuti denga likulitsekereza kapena muyeso wake ndi wamantha. Limene limafika pa 18 msika ukangogwedezeka ndiye kuti muyeso wake ukuchedwa.

Funso lachiwiri ndi la chinthu choyerekezera nacho. Thumba limene pa avereji limakhala ndi masheya a 60 peresenti siliyenera kuyerekezedwa ndi msika wonse, chifukwa thumba lililonse la masheya ochepa limagwa pang'ono. Liyerekezedwe ndi thumba losasintha la masheya 60 peresenti ndi ndalama zodekha 40 peresenti. Kusiyana kwa awiriwa pa phindu ndi pa kugwa kwakukulu, zolipira zonse zitachotsedwa, ndiko kumasonyeza chimene kusinthasintha kwa katundu kwabweretsa. Kuyerekezako kumafunika zaka zokhala ndi mitundu yonse iwiri ya nyengo: kugwa kwapang'onopang'ono ngati kwa 2008, kumene lamuloli limapambana, ndi kugwa kwadzidzidzi pambuyo pa bata ngati kwa Febuluwale 2018, kumene limapezeka litasenza katundu wambiri.